Kupeza pH ya asidi wofooka ndi kuona ngati njira yachidule yakupatsani yankho loona

Asidi wamphamvu savuta. Mukapatsidwa HCl wa 0.10 mol/dm³, mumadziwa kuti mamolekyu ake onse agawanika m'madzimo, choncho maayoni a haidirojeni nawonso ndi 0.10, ndipo pH ndi 1.00. Koma mutenge asidi wa mu viniga, uja timamutchula kuti asetiki kapena ethanoyiki, pa mlingo womwewo wa 0.10 mol/dm³, pH yake imafika pafupifupi 2.9. Chifukwa chake n'chakuti asidi ameneyu ndi wofooka. Pa mamolekyu 100 alionse, amene amataya haidirojeni wake ndi mmodzi kapena kupitirirako pang'ono, ena onsewo amangokhala athunthu m'madzimo.

Amene mukuchita kemisitiri m'chaka choyamba ku Bunda, kapena m'makoleji a zaumoyo ndi a zauphunzitsi muno mu Lilongwe, funso limeneli simungalithawe. Pali njira yachidule yoliwerengera, ndipo ndi yabwino ndithu. Vuto ndi lakuti ambiri amailoweza pamtima ngati fomyula yokhazikika, osadziwa kuti mkati mwake muli chinthu chimene tangochiganizira, chomwe chiyenera kutsimikizidwa yankho likapezeka. Ine ndimaona kuti yankho la pH lopanda kutsimikiza kumeneko ndi losamaliza, ngakhale nambala yake itapezeka kuti yalondola.

Yambani ndi nambala ziwiri

Mukufunika C ndi Ka. C ndi konsentireshoni, kutanthauza kuchuluka kwa asidi amene mwathira m'madzi asanayambe kugawanika, ndipo iyenera kukhala mu mol/dm³. Ka ndi nambala yosonyeza mphamvu ya asidiyo: ikakula, ndiye kuti asidiyo amagawanika kwambiri. Ya asetiki ndi 1.8 × 10⁻⁵ pa madigiri 25. Funso likakupatsani pKa m'malo mwa Ka, itembenuzeni motere:

```
Ka = 10^(−pKa)
10^(−4.74) = 1.8 × 10⁻⁵
```

Musasokoneze kufooka ndi kusukuluka. Kufooka ndi chibadwa cha asidiyo, ndipo timakuona pa Ka. Kusukuluka kumatengera madzi amene mwathira, ndipo timakuona pa C. Viniga wa m'botolo ndi asidi wofooka koma wosasukuluka kwenikweni. HCl amene mwamuthira madzi ambirimbiri ndi wosukuluka, komabe akadali wamphamvu. Kutsogoloku muona kuti zinthu ziwirizi zimagwirira limodzi ntchito posankha ngati njira yachidule ili yololedwa.

Nthawi zina C siibwera yokonzeka. Botolo la viniga wa m'sitolo kawirikawiri limalembedwa kuti asidi ndi 5 peresenti, kutanthauza pafupifupi magalamu 5 mu 100 cm³, omwe ndi magalamu 50 mu 1 dm³. Molo imodzi ya asetiki imalemera magalamu 60, ndiye 50 kugawa ndi 60 mupeza C ya 0.83 mol/dm³. Dziwani kuti 5 peresenti ya pabotoloyi sikugwirizana konse ndi 5 peresenti ya lamulo limene tikumane nalo posachedwa. Zangofanana manambala.

Lembani zimene zikuchitika m'madzimo

Tigwiritse ntchito asetiki wa 0.10 mol/dm³. Timulembe mwachidule kuti HA, pomwe H ndi haidirojeni amene angachoke ndipo A ndi mbali yotsalayo. Tinene kuti asidi amene wagawanika pofika pa ikwilibiriyamu ndi x. Molekyu imodzi ikagawanika imatulutsa H⁺ mmodzi ndi A⁻ mmodzi, choncho onse awiriwa ndi x, ndipo asidi wotsala ndi C kuchotsera x.

```
             HA    ⇌   H⁺  +  A⁻
poyamba     0.10       0      0
kusintha     −x       +x     +x
pomaliza   0.10−x      x      x
```

Tebulo limeneli lizilembedwa nthawi zonse, ngakhale mukuona ngati mwalizolowera. Limaonetsa poyera zimene mwavomereza: kuti m'madzimo munalibe A⁻ wochokera kwina, komanso kuti H⁺ wa madzi enieniwo mwamuwerengera ngati ziro. Mfundo yachiwiriyi tidzabwereranso kwa iyo, chifukwa pali pamene imakana.

Tsopano ikani mzere womalizawo mu fomyula ya Ka:

```
Ka = [H⁺][A⁻] / [HA]
1.8 × 10⁻⁵ = x² / (0.10 − x)
```

Mpaka pano palibe chimene tadumpha. Koma x ali pamwamba komanso pansi pa mzere, ndipo kumumasula bwinobwino kumafuna kwadiratiki. Apa ndi pamene njira yachidule imalowera.

Njira yachidule

Ka ndi yaing'ono kwambiri, choncho tikuyembekezera kuti x akhala wamng'ono poyerekeza ndi 0.10. Ngati zili choncho, 0.10 kuchotsera x ndi pafupifupi 0.10 yemweyo. Zili ngati kutapa chikho chimodzi cha chimanga m'thumba la makilogalamu 50: mukaliika pasikelo, thumbalo lingoonekabe ngati la 50. Koma chikho chomwecho mukachitapa m'kambale, aliyense aona kuti chimanga chachepa.

Onetsetsani bwino chimene tikutaya. Sitikunena kuti x ndi ziro. Akanakhala ziro, bwenzi mulibe H⁺ ndipo pH sitikanaipeza. Tikungomuchotsa pamalo amodzi okha, pamene akuchotseredwa ku nambala yaikulu. Pamwamba pa mzere, pomwe waima yekha, amakhalabe.

```
1.8 × 10⁻⁵ = x² / 0.10
x² = 1.8 × 10⁻⁶
x  = 1.34 × 10⁻³ mol/dm³
pH = −log(1.34 × 10⁻³) = 2.87
```

Mawu awiri okhudza kakyuleta, chifukwa mamalikisi ambiri amathera pamenepa. Pa Casio, batani lolembedwa EXP kapena ×10ˣ lili kale ndi 10 mkati mwake. Mudina 1.8, kenako batanilo, kenako −5, basi. Mukadina 1.8 × 10 kenako n'kudinanso EXP, mwalowetsa nambala yokula kakhumi, ndipo pH yanu ituluka 2.37 m'malo mwa 2.87. Mukaona yankho lanu likusiyana ndi la anzanu ndi 0.5 ndendende, yang'anani pamenepo poyamba. Gwiritsani ntchito batani la log, osati ln. Ndipo popeza Ka yaperekedwa ndi manambala awiri, 1 ndi 8, pH muilembe ndi manambala awiri kumanja kwa dontho. Kulemba 2.872364 sikuonjezera kulondola kulikonse.

Tsimikizani

Tinaganiza kuti x ndi wamng'ono. Tsopano x tamupeza, ndiye tikhoza kumuyeza ndi C n'kuona ngati ganizo lija linali loona.

```
(x / C) × 100
(1.34 × 10⁻³ / 0.10) × 100 = 1.3
```

Asidi amene wagawanika ndi 1.3 peresenti yokha. Lamulo limene mabuku ambiri amatsatira ndi lakuti peresenti imeneyi ikachepera 5, njira yachidule ndi yovomerezeka. Pano tili pansi kwambiri, choncho 2.87 ndi yankho. Lembani mzere umenewu papepala la mayeso, pamodzi ndi chiganizo chimodzi chonena kuti 1.3 ndi yochepera 5.

N'chifukwa chiyani malire ali pa 5, osati 2 kapena 10? Si lamulo la chilengedwe ayi, ndi mgwirizano chabe, koma uli ndi maziko ake. Choyamba, Ka yeniyeniyo sitiidziwa mwandendende. Buku lina lilemba 1.8 × 10⁻⁵, lina 1.75 × 10⁻⁵, lina 1.7 × 10⁻⁵. Palibe phindu kulimbana ndi kulakwitsa kumene kuli kochepa kuposa kusiyana kwa mabukuwo. Chachiwiri, sikweya ruti imachepetsa kulakwitsako ndi theka. Mukalakwitsa ndi 5 peresenti pa asidi wotsala, x amalakwika ndi pafupifupi 2.5 peresenti, ndipo logi ikadutsapo, pH imasuntha ndi 0.01 yokha. Choncho lamulo la 5 peresenti likunena kuti: bola nambala yomaliza ya pH isasunthe kupitirira imodzi.

Pa chitsanzo chathuchi, kwadiratiki yonse imapereka x wa 1.333 × 10⁻³ ndi pH ya 2.875, pomwe njira yachidule yapereka 2.872. Kusiyana kwake ndi 0.003. Zangochitika kuti manambala awiriwa agwera pamalire, moti mukawadula, ina ikhala 2.87 ina 2.88. Mnzanu akapeza 2.88, nonse mwakhoza.

Asidi yemweyo, madzi ochuluka

Gawo lino ndi limene ndikufuna mulimvetse kwambiri. Ambiri amaganiza kuti asidi akangokhala ndi Ka yaing'ono, njira yachidule igwira nthawi zonse. Si choncho. Tengani 1.0 cm³ ya asetiki wathu wa 0.10 uja, muthire madzi oyeretsedwa a mu labotale, aja opanda michere, mpaka afike 100 cm³. C tsopano ndi 0.0010 mol/dm³. Asidi ndi yemweyo, Ka ndi yomweyo.

```
x² = 1.8 × 10⁻⁵ × 0.0010 = 1.8 × 10⁻⁸
x  = 1.34 × 10⁻⁴ mol/dm³
pH = 3.87
(1.34 × 10⁻⁴ / 0.0010) × 100 = 13.4
```

Peresenti yakwera kufika pa 13.4. Njira yachidule yakanika, ndipo 3.87 sitingamulandire.

Taonani chimene chachitika. C yatsika ka 100, koma x watsika ka 10 kokha, chifukwa x amatsatira sikweya ruti ya C. Ndiye ngakhale maayoni a haidirojeni achepa mu dm³ iliyonse, gawo la asidi limene lagawanika lakula kakhumi. M'madzi ochuluka, H⁺ ndi A⁻ amatalikirana ndipo sakumana pafupipafupi kuti abwererane, pomwe HA akupitirizabe kugawanika. Wilhelm Ostwald anafotokoza zimenezi mu 1888: asidi wofooka akamasukuluka, gawo logawanika limakula. Ndiye kusukulutsa kumakweza pH, inde, koma kumakwezanso peresenti imene tikuiyang'anira.

Pamenepa tibwerere ku fomyula yoyamba ija, osataya kalikonse. Chulukitsani mbali zonse ndi C kuchotsera x, n'kusamutsira zonse mbali imodzi:

```
x² + Ka·x − Ka·C = 0
x = [−Ka + √(Ka² + 4·Ka·C)] / 2
```

Kwadiratiki imapereka mayankho awiri, koma la mainasi litayeni, chifukwa konsentireshoni singakhale yochepera ziro. N'chifukwa chake ndalemba chizindikiro chophatikiza chokha. Werengerani pang'onopang'ono, chidutswa chilichonse pamzere wake, m'malo mothira zonse mu kakyuleta nthawi imodzi:

```
Ka²      = 3.24 × 10⁻¹⁰
4·Ka·C   = 7.2 × 10⁻⁸
√(7.2324 × 10⁻⁸) = 2.689 × 10⁻⁴
x = (2.689 × 10⁻⁴ − 0.18 × 10⁻⁴) / 2 = 1.25 × 10⁻⁴
pH = 3.90
```

Musadule manambala msanga m'kati mwa njira, makamaka mkati mwa sikweya ruti. Sungani manambala anayi kapena asanu mpaka pa mzere womaliza.

pH yoona ndi 3.90, osati 3.87. Wina anganene kuti 0.03 si kanthu. Pa pH ikuoneka yaing'ono, koma pa maayoni a haidirojeni, njira yachidule inachulukitsa ndi 7 peresenti. Ngati x ameneyu mukupita naye ku gawo lotsatira la funso, kulakwitsako kupita naye limodzi. Onaninso mbali imene kulakwitsako kwapendekera. Njira yachidule imaganiza kuti asidi wotsala ndi wochuluka kuposa mmene alili, choncho nthawi zonse imapereka x wokulirapo ndi pH yotsikirapo. Mukachita kwadiratiki n'kupeza pH yochepera ya njira yachidule, mwalakwitsa penapake pa masamu, kawirikawiri pa chizindikiro cha Ka.

Pali njira ina imene ndimaikonda chifukwa imathamanga ndipo siifuna kukumbukira kwadiratiki. Mutenga x wa njira yachidule, mumuchotsera ku C, n'kuwerengeranso. Yankho latsopanolo mulibwezeranso, mpaka litasiya kusintha. Pa kakyuleta, lowetsani 1.342 × 10⁻⁴ n'kudina =, kenako lembani izi:

```
√(1.8×10⁻⁵ × (0.001 − Ans))
```

Mukadina = koyamba mupeza 1.248 × 10⁻⁴, kachiwiri 1.255 × 10⁻⁴, kachitatu 1.255 × 10⁻⁴. Laima, ndipo likugwirizana ndi kwadiratiki. Ngati aphunzitsi anu amafuna kuona kwadiratiki papepala, ilembeni, koma njira iyi muigwiritse ntchito poona ngati simunaphonye batani.

Kudziwiratu musanayambe

Sikuti nthawi zonse muziwerengera kawiri. Mu njira yachidule, x kugawa ndi C n'chimodzimodzi ndi sikweya ruti ya Ka kugawa ndi C. Kuti zimenezi zichepere 0.05, C iyenera kuposa Ka ka 400, popeza 0.05 kuchulukitsa ndi 0.05 ndi 0.0025, yomwe ndi 1 kugawa ndi 400.

```
C / Ka > 400
```

Pa chitsanzo choyamba, 0.10 kugawa ndi 1.8 × 10⁻⁵ ndi pafupifupi 5,600, kutali kwambiri ndi malire. Pa chachiwiri ndi 56 yokha, moti mukanaona izi poyamba, bwenzi mutangolunjika ku kwadiratiki. Kwa asetiki malire ali pa C ya 0.0072 mol/dm³, ndipo pansi pa pamenepo njira yachidule muisiye. Mabuku ena amaika malire pa 100, ena pa 500 kapena 1,000. Sikuti akutsutsana, angosiyana pa kulakwitsa kumene akulolera. Amene akugwirizana ndi lamulo la 5 peresenti ndi 400. Funsani aphunzitsi anu kuti iwo akutsatira uti, ndipo papepala muzilemba malire amene mwagwiritsa ntchito.

Mwina munaonaponso fomyula iyi:

```
pH = ½(pKa − log C)
```

Iyi ndi njira yachidule yomwe ija, yangolembedwa ndi malogi. Pa C ya 0.10, 4.74 kuphatikiza 1 ndi 5.74, ndipo theka lake ndi 2.87. Ngozi yake ndi yakuti x saonekamo, ndiye palibe chokukumbutsani kuti mutsimikize. Mukaigwiritsa ntchito, yambani mwaona kaye C kugawa ndi Ka.

Pamene yankho lili losatheka

Asidi ena ndi ofooka koma osati kwambiri. Kiloroasetiki, yemwe ndi asetiki amene haidirojeni wake mmodzi wa pa kaboni walowedwa m'malo ndi kilorini, ali ndi Ka ya 1.4 × 10⁻³. Mumuyese pa C ya 0.0010 mol/dm³ ndi njira yachidule:

```
x = √(1.4 × 10⁻³ × 0.0010) = 1.18 × 10⁻³
pH = 2.93
```

x waposa C. Masamu akunena kuti asidi wogawanika ndi 118 peresenti ya asidi amene munathira, chinthu chosatheka. Ngakhale HCl pa mlingo umenewu amalekera pa pH ya 3.00, ndiye asidi wofooka sangatsike kufika pa 2.93. Apa pali chizindikiro chimene mungachigwiritse ntchito pa mafunso ambiri: pH ya asidi wofooka wa haidirojeni mmodzi iyenera kukhala pamwamba pa −log C. Kwadiratiki imapereka x wa 6.7 × 10⁻⁴ ndi pH ya 3.17. Njira yobwereza ya Ans ija pano sigwira, kakyuleta ingolemba Math ERROR, chifukwa mukuifunsa sikweya ruti ya nambala ya mainasi. C ikayandikana ndi Ka chonchi, kwadiratiki ndiyo yodalirika.

Zonse zimene tachitazi ndi za asidi mmodzi, wotaya haidirojeni mmodzi, ali yekha m'madzi. Asidi wa mu mandimu, sitiriki, ali ndi mahaidirojeni atatu otayika ndipo Ka zake zayandikana, choncho amafuna kusamala kwina. Mukathiranso mchere wa asidiyo, monga sodiyamu asiteti mu asetiki, A⁻ sayambiranso pa ziro, ndipo x² uja sagwiranso ntchito. Tebulo liyenera kulembedwa mwatsopano.

Za kutentha musade nazo nkhawa kwambiri pa asetiki. Labotale ya muno mu Lilongwe imazizira mu Juni n'kutentha mu Okutobala, koma Ka ya asetiki imasintha pang'ono zedi pakati pa nyengo ziwirizi. Chimene chingasokoneze kwambiri mukamayeza ndi mita ya pH ndi madzi. Mukasukulutsa ndi madzi a pampopi kapena a pamjigo, michere ya m'madzimo, makamaka baikaboneti, imadya gawo la asidi wanu. Pa 0.10 simungazindikire kwenikweni, koma pa 0.0010 mita ikhoza kuonetsa nambala yokwera kuposa 3.90, masamu anu ali olondola. Mitayo iyeneranso kukonzedwa kaye ndi mabafa a pH 4 ndi pH 7, apo ayi kusiyana kwa 0.03 simungakuone n'komwe.

Chimene lamulo la 5 peresenti silingaone

Kumbukirani ziro uja tinalemba pansi pa H⁺ mu tebulo. Madzi okha amagawanika pang'ono, n'kupereka H⁺ wa 1.0 × 10⁻⁷ mol/dm³ pa madigiri 25. Pa zitsanzo za asetiki, x anali woposa nambala imeneyi ka 1,000 kapena kupitirira, ndiye kuisiya kunalibe vuto. Koma asidi akakhala wofooka kwambiri komanso wosukuluka kwambiri, zinthu zimasintha.

Tengani HCN, poizoni uja amatuluka m'chinangwa chowawa, amene amachititsa kuti chinangwacho chiziviikidwa m'madzi chisanasanduke ufa wa kondowole. Chitsanzo ichi n'cha papepala pokha, si choyesa mu labotale. Ka yake ndi pafupifupi 6.2 × 10⁻¹⁰. Pa C ya 1.0 × 10⁻⁵ mol/dm³:

```
x = √(6.2 × 10⁻¹⁰ × 1.0 × 10⁻⁵) = 7.9 × 10⁻⁸
(x / C) × 100 = 0.79
pH = 7.10
```

Peresenti ndi 0.79, ndipo C kugawa ndi Ka ndi pafupifupi 16,000. Mayeso onse awiri akuti zili bwino. Koma pH ya 7.10 ikutanthauza kuti mwathira asidi m'madzi ndipo madziwo asanduka alikali, zomwe sizingachitike. Kwadiratiki nayonso singakupulumutseni, chifukwa inachokera mu tebulo lomwe lija lokhala ndi ziro. Lamulo la 5 peresenti limangoyang'ana ngati asidi wotsala wachepa. Za madzi silizidziwa.

Choncho pali funso lachiwiri lofunsa x mukamupeza: kodi watalikira bwanji ndi 1.0 × 10⁻⁷? Akaposa 1 × 10⁻⁶, kutanthauza pH yochepera 6, madzi asiyeni. Akatsika kupitirira pamenepo, madzi ayenera kulowa m'masamu. Ngati asidiyo wagawanika pang'ono, monga zilili pano, kukonza kwake n'kosavuta. Muphatikiza Kw, nambala ya kugawanika kwa madzi, yomwe ndi 1.0 × 10⁻¹⁴ pa madigiri 25, mkati mwa sikweya ruti:

```
[H⁺] = √(Ka·C + Kw)
     = √(6.2 × 10⁻¹⁵ + 1.0 × 10⁻¹⁴)
     = 1.27 × 10⁻⁷
pH = 6.90
```

Musangophatikiza 7.9 × 10⁻⁸ ndi 1.0 × 10⁻⁷ mwachindunji. Mukatero mupeza 1.79 × 10⁻⁷, yomwe ndi yokula kwambiri, chifukwa H⁺ wochokera ku asidi amachepetsa kugawanika kwa madzi, ndipo H⁺ wa madzi nayenso amachepetsa kugawanika kwa asidi. N'chifukwa chake kuphatikizako kumachitikira mkati mwa sikweya ruti.

Pa mlingo wotsika chonchi, ngakhale mpweya wa m'chipindamo umalowerera. Madzi oyeretsedwa a mu labotale akakhala pambalambanda amamwa kaboni dayokisaidi mpaka pH yake kutsika kufika pafupifupi 5.6. Ndiye 6.90 ndi yankho la madzi amene sanakhudzane ndi mpweya, ndipo m'bikala yosavundikira asidi wa kaboni dayokisaidiyo ndi amene angalamule pH, osati asidi amene mwathirayo.